Madzi amatsata mchere: yankho kwa wophunzira unamwino wa chaka choyamba

"Amayi, ndili chaka choyamba cha unamwino ndipo mayeso atsala milungu itatu. Mutu wa madzi ndi michere ya m'thupi wandibalalitsa. Zizindikiro za sodiyamu ndi potaziyamu ndimaloweza usiku, koma kukacha zonse zimakhala zasakanikirana. Sabata yatha ku wodi anandipatsa tchati cha madzi a wodwala, manambala ndinalemba onse koma sindinadziwe kuti akunena chiyani. Ndiyambire pati?"

Mwananga, mtima m'malo, mutu wako uli bwinobwino. Mindandanda imene ukulowezayo ndiyo ikukupusitsa. Tayiwerenganso modekha: sodiyamu akachepa munthu amafooka, amachita nseru, amasokonezeka mutu. Akachuluka amafookanso, amasokonezekanso. Potaziyamu akachepa minofu imalefuka, akachuluka imalefukanso. Zinthu zofanana chonchi ngakhale ine, amene ndakalambira mu wodi, sindingazisunge pongoloweza. Ika kaye mindandandayo pambali, tenga pepala, ujambule nyumba ya zipinda zitatu. Zonse zimene ndikuuze lero zikukhala m'nyumba imeneyo.

Titenge bambo wolemera makilogalamu 60. Pafupifupi magawo 60 pa 100 a kulemera kwake ndi madzi, ndiye kuti wanyamula malita 36. Kwa amayi ndi okalamba gawoli limatsika kufika cha m'ma 50 pa 100 chifukwa mafuta sasunga madzi ambiri, pamene kwa khanda limapitirira 70 pa 100. Pa malita 36 aja, magawo awiri mwa atatu, malita 24, ali m'kati mwa maselo. Chimenecho ndi chipinda chachikulu. Malita 12 otsalawo ali kunja kwa maselo ndipo agawika pawiri: malita 9 ali m'mipata ya pakati pa maselo, malita 3 okha ndiwo ali m'mitsempha, kukhala madzi a magazi, aja timati pulazima. Uone bwino pamenepa. Bipi imene umayeza, kugunda kwa mtima kumene umawerenga pa dzanja, magazi ofika ku impso, zonsezi zadalira kachipinda kakang'ono kwambiri ka malita 3. N'chifukwa chake munthu angathe kutupa miyendo ngati mtondo, madzi ali thothotho m'mipata ya maselo, koma m'mitsempha muli mouma.

Makoma a zipindazi madzi sawatchinga. Amalowa ndi kutuluka mmene afunira, ndipo amathamangira kumene kuli michere yambiri. Ukathira mchere pa masamba odula, pakapita kanthawi umapeza madzi atuluka, masamba afota. Imeneyo ndi osimosisi ya m'buku lako, palibenso china. Chimene makoma a maselo amatchinga ndi michere. Kunja kwa maselo mwini nyumba ndi sodiyamu, pakati pa 135 ndi 145 mmol/L. M'kati mwa maselo mwini nyumba ndi potaziyamu, cha m'ma 140 mmol/L, pamene m'magazi amangopezeka 3.5 mpaka 5.0. Pa khoma la selo lililonse pali kapampu kogwira ntchito usana ndi usiku, kutulutsa masodiyamu atatu ndi kulowetsa mapotaziyamu awiri. Manambala oyenera kuloweza pa mutu uno ndi okhawa, ndipo sakwana n'khumi omwe.

Tsopano nachi chimene ophunzira ambiri amaphonya, ngakhale ena omaliza maphunziro. Nambala ya sodiyamu yochokera ku labotale siyikuuza kuchuluka kwa mchere m'thupi. Ikukuuza kuti mcherewo wasungunuka m'madzi ochuluka bwanji. Supuni imodzi ya mchere m'kapu ndi yowawa, supuni yomweyo mu ndowa sumva n'komwe. Choncho ukaona 126, usafulumire kunena kuti wodwala akusowa mchere. Funsa kuti, madzi achuluka poyerekeza ndi mchere chifukwa chiyani? Mwina wataya zonse ziwiri koma wabwezera madzi okha. Mwina mtima wake walefuka ndipo thupi lasunga zonse ziwiri, koma madzi lasunga oposa. Anthu awiriwa ali ndi nambala imodzi, koma woyamba akufuna diripi, wachiwiri diripi yomweyo ikhoza kumumiza.

Nanga n'chifukwa chiyani zizindikiro za sodiyamu zimaonekera m'mutu? Bwerera ku nyumba ija. Sodiyamu akatsika, madzi a kunja asukuluka, ndiye amathamangira m'maselo mmene michere ikadali yambiri, maselo n'kutupa. Selo la m'ntchafu likatupa lili ndi malo. Ubongo uli m'chigaza, fupa losatamuka, ndiye ukatupa umapanikizika: mutu kupweteka, nseru, kulankhula zosagwirizana, kuodzera, mapeto ake kukomoka ndi kuphupha. Sodiyamu akakwera zimayenda motembenuka, madzi amayamwidwa kuchoka m'maselo, ubongo umafota, munthu amamva ludzu loopsa, amakwiya msanga, amasokonezeka. Ukamvetsa zimenezi, mndandanda wa haiponatiremiya, kutsika kwa sodiyamu, ndi wa haipanatiremiya, kukwera kwake, ungathe kuupanga wekha m'chipinda cha mayeso.

Potaziyamu nkhani yake ndi ina, ndi ya magetsi. Kusiyana kwa potaziyamu wa m'kati ndi wa kunja ndiko kumathandiza minofu ndi minyewa kuti ithe kuyaka ndi kuzima. Popeza wa kunjayo ndi wochepa kale, kusuntha kwake pang'ono kumasokoneza zambiri. Sodiyamu akasuntha ndi 2 palibe amene angazindikire, koma potaziyamu akasuntha ndi 2, kuchoka pa 4.5 kufika pa 6.5, mtima ungathe kuima. Ndiye uzikumbukira motere: sodiyamu yang'ana mutu, potaziyamu yang'ana mtima ndi minofu. Akachepa, miyendo imalefuka, matumbo amachita ulesi mpaka mimba kutupa, mtima umadumphadumpha, ndipo pa ECG funde la T limaphwa, kenaka limaoneka funde lina lotchedwa U. Akachuluka, funde la T limatalika n'kusongoka. Choopsa n'chakuti wodwala wa potaziyamu wokwera angathe kukhala akucheza nawe bwinobwino mpaka mphindi imene mtima usokonekere.

Tiyeni tsopano timugoneke bambo wathu uja pa bedi. Watsegula m'mimba ndi kusanza masiku atatu. Kunyumba amangomwa madzi okhaokha, chakudya chimakana. Mwezi watha anayezedwa makilogalamu 60, lero sikelo ikuti 56. Maso alowa, lilime lauma ngati chikopa, ukatsina khungu la pamimba limatenga masekondi opitirira awiri kuti libwerere. Mtima ukugunda ka 118 pa mphindi koma mofooka, bipi 90/60, manja ozizira, ndipo ukafinya nsonga ya chala magazi akuchedwa kubwerera. Akati adzuke akuchita chizungulire. Pa maola anayi watulutsa mkodzo mamililita 60, wofiirira. Labotale yabweza sodiyamu 128, potaziyamu 2.9.

Yamba ndi sikelo, chida chimene ophunzira amachinyoza. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Munthu sangataye makilogalamu 4 a mnofu pa masiku atatu, ndiye amenewo ndi malita pafupifupi 4 a madzi, cha m'ma 7 pa 100 a kulemera kwake. Madzi a m'matumbo ali ndi mchere, choncho ambiri mwa malita amenewa achoka m'zipinda za kunja zija za malita 12. Kachipinda ka m'mitsempha kaphwa, mtima ukuthamanga kuti magazi ochepawo azungulire msanga, mitsempha ya m'manja yafinyika kuti magazi apite ku ubongo ndi mtima, n'chifukwa chake manja azizira. Dziwa ichi: kwa munthu wachinyamata bipi imachedwa kutsika. Mtima umayamba kuthamanga, mkodzo umayamba kuchepa, bipi ikadali yooneka bwino. Ukadikira bipi kuti ikuuze, wachedwa kale. Komanso khungu la agogo limachedwa kubwerera ngakhale ali bwino, ndiye kwa okalamba dalira kwambiri lilime, mkodzo ndi sikelo.

Mkodzo ndiwo mboni yosanama pa za impso. Wamkulu ayenera kutulutsa osachepera theka la mililita pa kilogalamu iliyonse pa ola. Kwa bambo wathu ndi mamililita 30 pa ola, kapena 120 pa maola anayi. Iye watulutsa 60, theka lenileni. Impso sizinafe ayi, zikumvera malamulo awiri. Loyamba likuchokera ku homoni yotchedwa ADH, imene imati sungani madzi. Lachiwiri likuchokera ku alidositeroni, imene imati sungani sodiyamu, koma posunga sodiyamuyo impso zimataya potaziyamu. Waona tsopano kumene 128 wachokera? Wataya madzi ndi mchere, wabwezera madzi opanda mchere, ADH yawagwira madziwo osawalola kutuluka, ndiye sodiyamu wotsala wasukuluka. Nayenso 2.9 wachokera mbali zitatu: wina watuluka ndi chimbudzi, wina impso zataya chifukwa cha alidositeroni ndi kusanza, ndipo sanadye kanthu kobwezera.

Funso limene amakonda kufunsa pa mayeso, ndipo ku wodi ndi la moyo ndi imfa, ndi lakuti tim'patse madzi ati. Tenga matumba atatu amene umawaona tsiku ndi tsiku. Dekisitirozi wa 5 peresenti ndi shuga magalamu 50 mu lita ya madzi, mulibe mchere. Thupi likawotcha shugayo patsala madzi okha, ndipo madzi okha amalowa zipinda zonse zitatu molingana ndi kukula kwake. Pa lita imodzi, magawo awiri mwa atatu athera m'maselo, ndipo m'mitsempha mutsala mamililita ngati 80 basi. Kwa bambo wathu thumba limeneli ndi tsoka pawiri: bipi siyikwera, sodiyamu atsikiratsikira, ubongo utupa. Selaini wa 0.9 peresenti ali ndi sodiyamu 154 ndi kuloraidi 154 mu lita. Popeza sodiyamu salowa m'maselo, madzi ake amakhala kunja, ndipo kota yake, mamililita ngati 250, amatsala m'mitsempha. Ringa lakiteti nayenso amakhala kunja, ali ndi sodiyamu cha m'ma 130, potaziyamu pang'ono cha m'ma 4, ndi lakiteti amene chiwindi chimamusandutsa baikaboneti, wochepetsa asidi m'magazi. Kwa munthu wotsegula m'mimba ine ndimakonda Ringa, chifukwa chimbudzi chamadzi chimapita ndi baikaboneti, pamene selaini wambiri amaunjika kuloraidi n'kuwonjezera asidi m'magazi. Koma Ringa akasowa selaini amagwira ntchito, usamusiye munthu akuuma chifukwa thumba lokondedwa palibe.

Dokotala walemba kuti apatsidwe mamililita 500 a Ringa mothamanga, pa mphindi ngati 15, kenaka aunikidwenso. Mawu akuti aunikidwenso ndiwo ntchito yako. Thumba likatha wabwerera pa bedi: mtima watsika kufika pa 106, bipi 98/64, kupuma sikunasinthe, m'chifuwa muli mbee. Apatsidwanso 500 ena, mtima 96, manja ayamba kufunda, ndipo pa ola lotsatira watulutsa mkodzo mamililita 40. Mkodzo umenewo uulandire ngati mlendo wolemekezeka, chifukwa ndiwo chilolezo choyambira potaziyamu wa m'diripi. Njira yaikulu yotulutsira potaziyamu m'thupi ndi impso. Ukathira potaziyamu mwa munthu amene sakukodza, ukudzaza mtsuko wopanda potulukira.

Lamulo lachiwiri la dokotala likuti lita imodzi ya selaini yokhala ndi 40 mmol ya potaziyamu kuloraidi, amene amalembedwa KCl, iyende maola 8. Ngati pali pampu ya diripi, waika mamililita 125 pa ola. Ngati palibe, uwerenga madontho. Yang'ana pa paketi ya chingwe cha diripi kuti madontho angati apanga mililita imodzi, usangoganizira, chifukwa zingwe zimasiyana. Tinene kuti chako ndi cha madontho 20.

```
madontho pa mphindi = (mL x madontho pa mL) / mphindi
(1000 x 20) / 480 = 41.7
```

Ndiye madontho 42 pa mphindi, kapena 10 mpaka 11 pa masekondi 15 ukayang'ana wotchi. Pa liwiro limeneli wodwala akulandira potaziyamu 5 mmol pa ola, zimene zili pansi pa malire a 10 mmol pa ola amene kawirikawiri timatsata pa mtsempha wa pamkono mu wodi wamba. Tsono taganiza kuti wodwala wawongola mkono umene unali wopindika, kapena wachibale waona diripi ikuchedwa n'kutsegulako kagudumu, thumba n'kutha pa ola limodzi. Walandira 40 mmol pa ola, kanayi kuposa malire. N'chifukwa chake thumba la potaziyamu silisiyidwa kuti udzalione pomaliza ntchito. Umalemba mizere ya maola pa thumba, umadutsapo pafupipafupi, ndipo umauza wodwala ndi womudikirira kuti kagudumu aka sikogwira.

Pa potaziyamu pali lamulo limodzi limene ndikufuna likhale m'mafupa ako. KCl wa m'kabotolo sabayidwa mwachindunji mumtsempha, ngakhale pang'onopang'ono, ngakhale wakutuma ndi wamkulu bwanji. Amaimitsa mtima pomwepo, ndipo madzi akatayika sawoleka. Amayenera kusungunulidwa m'thumba, ndipo ngati pali matumba osakaniziratu ku fakitale, amenewo ndiwo abwino. Ngati asakanizidwa pa wodi, thumbalo litembenuzidwe kangapo, chifukwa potaziyamu ndi wolemera, amakhazikika pansi pamene pali potulukira, ndiye wodwala angalandire yense m'mphindi zoyamba. Asathiridwe m'thumba lopachika kale. Iwe wa chaka choyamba sukuyenera kuchita zimenezi wekha, koma maso ako akhale pamenepo, ndipo ukaona zokayikitsa lankhula. Wodwala akadandaula kuti mkono ukuwotcha, yang'ana pa kanula, potaziyamu amapweteka mtsempha ndipo akatayikira m'mnofu amawononga.

Sodiyamu wa 128 uja nayenso ali ndi msampha wake. Mtima wa wophunzira umafuna kuti mawa nambala ikhale 140 kuti tchati chikongole. Ayi. Ubongo umene wakhala masiku m'madzi osukuluka umazolowera potulutsa zina mwa zinthu za m'maselo ake. Ukakweza sodiyamu mothamanga, maselowo amayamwidwa madzi mwadzidzidzi n'kuwonongeka, ndipo kuwonongekako kumaonekera patapita masiku angapo, munthu kulephera kulankhula, kumeza kapena kuyenda, nthawi zina mpaka kalekale. Choncho sitikweza kupitirira 8 mpaka 10 mmol/L pa maola 24. Kwa bambo wathu, mawa asapitirire cha m'ma 136 mpaka 138. Chinthu chimene mabuku a chaka choyamba sanena kawirikawiri ndi ichi: mitsempha ikadzaza, ADH imazima, impso n'kuyamba kutulutsa mkodzo wambiri woyera ngati madzi akumwa, ndipo sodiyamu amakwera yekha mofulumira. Ukaona mkodzo wasintha chonchi, mamililita mazanamazana pa ola, usangosangalala, kauze dokotala kuti magazi ayezedwenso msanga.

Kusanza kukangolekeka, yambitsa ORS pang'onopang'ono, kakapu kapena supuni pafupipafupi. Paketi ya muyezo wa bungwe la zaumoyo padziko lonse ikasungunulidwa mu lita imodzi imapereka sodiyamu 75, shuga 75 ndi potaziyamu 20 mmol. Shuga ali mmenemo si wokometsera. M'matumbo muli khomo limene limalowetsa sodiyamu pokhapokha atagwirana dzanja ndi shuga, ndipo sodiyamu akalowa madzi amamutsata. Njira ya pakamwa ndi yabwino kuposa diripi nthawi iliyonse imene munthu angathe kumwa, chifukwa matumbo salowetsa zinthu mwaphuma ngati mtsempha.

Tafika pa tchati. Maola 24 atha, tiwerenge limodzi. Zolowa: Ringa mamililita 1000, selaini 2000, ORS 600, zonse 3600. Zotuluka: mkodzo 900, chimbudzi chamadzi 1100, masanzi 300, zonse 2300. Ukachotsera utsala ndi 1300 owonjezera. Koma pali madzi amene tchati sichiwaona, otuluka ndi mpweya komanso pakhungu, mamililita 500 mpaka 800 pa tsiku, ndipo amachuluka munthu akatentha thupi kapena akamapuma mothamanga. Ndiye phindu lenileni ndi cha m'ma 600 kapena 700, ndipo sikelo ya m'mawa ikati 56.7 zagwirizana. Kodi 1300 ameneyu ndi wabwino kapena woipa? Nambala payokha siyingayankhe. Bambo uyu anabwera ndi ngongole ya malita 4, ndiye sitinabweze ngakhale theka. Ndi nkhani yoti ukauze dokotala kuti chimbudzi chikupitirira kudya zimene tikuthira. Mkodzo 900 pa maola 24 ndi pafupifupi 37 pa ola, wadutsa malire a 30 aja, ndiye impso zadzuka.

Nambala yomweyo ya 1300 pa bedi lina ndi belu la ngozi. Izi ndinaziphunzira mowawa ndili wophunzira ngati iwe. Usiku wina ndinapeza diripi ya agogo ena a vuto la mtima yatsalira m'mbuyo ndi maola atatu, chifukwa anagonera mkono. Poopa kukalipiridwa m'mawa, ndinatsegula kagudumu kuti ndibweze nthawi yotayika. Pasanathe ola ndinawapeza atakhala tsonga, atagwira zitsulo za bedi, akupuma ngati athamanga mtunda, mitsempha ya m'khosi itatupa, akutsokomola. Namwino wamkulu atabwera sanandikalipire nthawi yomweyo. Anatseka diripi, anawatsamiritsa mokhala, anaika okosijeni, anatumiza uthenga kwa dokotala, kenaka anandipatsa chomvetsera n'kuti, mvetsera kumsana kuno m'munsi. Ndinamva kuthetheka ngati tsitsi ukalipekesa pafupi ndi khutu. Amenewo anali madzi anga, ali m'mapapo mwawo. Anachira atapatsidwa fulusemaidi, mankhwala okodzetsa, koma kuyambira tsiku limenelo diripi yotsalira sindiithamangitsa. Ndimalemba zoona pa tchati, ndimanena, liwiro liwerengedwenso.

Tchati chimanama ngati olemba ake akunama, ndipo bodza lake nthawi zambiri ndi la ulesi. Wina amalemba kuti wakodza kawiri, osanena mamililita. Wina amalemba lita yonse ya diripi pa nthawi yopachika, pamene thumba latsala theka. Kapu ya madzi imene wachibale anamwetsa siyilembedwa, madzi osungunulira mankhwala a mumtsempha amaiwalika, zofunda zonyowa ndi chimbudzi zimangochotsedwa. Yeza ndi jagi ya manambala, dziwa kuti kapu ya pa wodi panu imalowa mamililita angati, lemba nthawi yomweyo osati pomaliza ntchito. Sikelo ikhale yomweyo, nthawi yomweyo ya m'mawa, wodwala atakodza, zovala zofanana. Tchati ndi sikelo zikatsutsana, ine ndimakhulupirira sikelo. Kuti udziwe ngati madzi olembedwa ali oyenera, kumbukira kuti wamkulu amene sakudya kapena kumwa, koma sakutaya kanthu, amafuna mamililita 25 mpaka 30 pa kilogalamu pa tsiku, ndiye wa makilogalamu 60 ndi 1500 mpaka 1800. Zopitirira apo ziyenera kukhala ndi chifukwa chimene ungathe kuchitchula.

Nayonso labotale imanama nthawi zina, koma mlandu umakhala wa wotenga magazi. Magazi otengedwa pa mkono umene uli ndi diripi amabwera ndi manambala a m'thumba. Lamba womangidwa nthawi yaitali, wodwala kufumbatafumbata chibakera, kukankha magazi mwamphamvu pa singano yaing'ono, kapena botolo kukhalitsa lisanayezedwe, zonsezi zingatulutse potaziyamu m'maselo, zotsatira n'kubwera zokwera mwabodza. Komabe potaziyamu wokwera umamutenga ngati woona mpaka atatsimikizidwa kuti ndi wabodza: nena, ECG ichitidwe, magazi atengedwenso. Uziyang'ananso pepala la mankhwala. Fulusemaidi amataya potaziyamu, sipironolakitoni amamusunga, ndipo wodwala amene akumwa dijokisini, mankhwala a mtima, potaziyamu wake akatsika, mankhwalawo amasanduka poizoni pa mlingo womwewo. Potaziyamu akamakana kukwera ngakhale mukuthira, funsa ngati maginiziyamu anayezedwa, chifukwa iye akachepa impso zimapitiriza kutaya potaziyamu.

Safunsa anadya phula, ndiye dziwa nthawi yosiya cholembera n'kuthamangira namwino wamkulu kapena dokotala. Mkodzo ukakhala pansi pa theka la mililita pa kilogalamu kwa maola angapo otsatizana, nena, usadikire kuti tsiku lithe. Wodwala amene m'mawa amacheza akayamba kuodzera, kusokonezeka kapena kudandaula mutu waukulu ali pa diripi, nena. Kupuma kukathamanga, kubanika akagona chagada, kapena sikelo ikakwera kilogalamu yathunthu pa tsiku limodzi mwa munthu amene sanali wouma, chepetsa diripi n'kuitana. Potaziyamu wa pansi pa 3.0 kapena wofika 6.0, sodiyamu wa pansi pa 125 kapena wopitirira 150, mtima wodumphadumpha, zimenezi sizidikira kuti madokotala adzazungulire mawa. Ndipo manambala onse amene ndakupatsa ndi a munthu wamkulu. Ana ali ndi mawerengedwe awoawo, ndipo mwana wonyentchera kwambiri diripi yothamanga ikhoza kumupha, choncho pa iwo tsata ndondomeko ya wodi ya ana, osati kalata iyi.

Pa milungu itatu yatsalayi, jambula nyumba ija tsiku lililonse usanatsegule buku, ndi manambala ake, mpaka dzanja lizolowere. Kenaka dzipatse wodwala mmodzi patsiku: wopsa ndi moto, wa impso zolephera, wa shuga wokwera amene akukodza usiku wonse, agogo amene akhala masiku awiri opanda wowamwetsa madzi. Pa aliyense lemba mivi yosonyeza chimene chatuluka, madzi okha kapena madzi ndi mchere, chipinda chimene chaphwa kapena chadzaza, ndi kumene sodiyamu ndi potaziyamu alowera. Ukatero tsegula buku uone ngati mivi yako yagwirizana nalo. Ukabwerera ku wodi, pempha tchati cha wodwala mmodzi yekha, uwerengere mkodzo wake pa kilogalamu pa ola, umuyeze pa sikelo masiku awiri otsatizana, kenaka upite kwa namwino wamkulu ukamuuze chimene ukuganiza kuti chikuchitika iye asanakuuze. Kalisiyamu ndi za asidi m'magazi tidzakambirana ukadzalembanso, ubwere ndi pepala la mivi yakolo.